Uthenga wowerenga pagulu ukamapunthwitsa lilime

"Ndalemba uthenga waukhondo woti ndikawerenge pa wailesi ya mdera koma pali chiganizo chomwe lilime likumangokodwa: Ntchito yotchinjiriza chakudya ku ntchentche ndi ya ntchembere. Nditani abale?"

Achemwali lilime lanu lilibe vuto, mwangounjika ntch pamalo amodzi, ntchito, ntchentche, ntchembere, kuonjezanso tch wa yotchinjiriza. Liwu limeneli limafuna lilime ligunde kunkhama kenako mutulutse mpweya wamphamvu, ndiye mukabwereza kangapo motsatizana mpweya umatha musanafike kumapeto, apa mpomwe munthu amayamba kumeza mawu ena.

Sankhani liwu limodzi lomwe simungalichotse, apa ndi ntchentche poti ndiye nkhani yake, enawo asinthidwe. Ntchembere akhale amayi, kutchinjiriza kukhale kuvindikira, ntchito ingochokeratu. Chikhala chonchi: Amayi, tiyeni tizivindikira chakudya kuti ntchentche zisaterepo. Tanthauzo silinathawe, komanso pabwera kopumira pambuyo pa amayi, zomwe pa maikolofoni zimathandiza kwambiri.

Muonenso malo omwe ka ndi ku andondozana, monga kuti akakukakamizeni, kapena l ndi r monga alole olalikira alalikire, izi papepala zimaoneka zabwinobwino ndiye zimapusitsa. Chachiwiricho ine ndinganene kuti abusa apatsidwe mpata wolalikira basi.

Mukasintha werengani mokweza katatu, mwachangu kuposa mmene mukawerengere ku situdiyo, osati chamumtima ayi. Pomwe mwakodwa kawiri lembani mzere mukonzenso, musamalimbane napo poti tsikulo mantha akabwera mudzakodwa pomwepo.