72 ameneyo umugawe kawiri, msuweni

"Msuweni, iwe wodziwa masamu, tandithandiza. Akuti ukagawa 72 ndi chiwongoladzanja umadziwa zaka zoti ndalama yako iwirikize kawiri. Kubanki andiuza 12 peresenti pachaka. Ndiye kuti zaka 6 basi? N'zoona zimenezi?"

Ee, msuweni, wayamba liti kukonda masamu iwe? Munthu amene unkabisa kope pansi pa matiresi kuti agogo asaone? Ayi, ndiyankha pakamwa, kulemba kundichedwetsa. Koma ndadziwa kale kumene funsoli lachokera. Ndi gawo lako lija la ndalama za nyumba, eti? Lalowa. Ndiye mtima uli pa chinthu chija wakhala ukutitumizira zithunzi zake m'gulu muno. Usakane, tonse tinaziona.

Dikira kaye, ndisanafike kwa iwe ndikukumbutse za amalume. Osati amalume okubereka iwe ayi, ndikunena abambo ako aakulu. Iwe unali wamng'ono, mwina umangokumbuka chipewa chija. Atapuma ntchito analandira ndalama zawo zonse pakamodzi, ndipo mtima wawo unali pa lole. Lole basi. Ukawapatsa moni, mawu achitatu ndi lole. Vuto linali loti ndalamazo zinkangokwana theka la mtengo wake. Manambala enieni tiwasiye, tingoti anali ndi 100,000 pamene lole inali 200,000, kuti tiziwerengera mosavuta.

Ndiye kubanki anawauza 9 peresenti pachaka, bola asatape. Amalume sanali munthu wopupuluma, iwenso ukudziwa. Anakhala pansi ndi pensulo, 72 kugawa ndi 9, yankho 8. Zaka 8. Anakalemba chakacho mkati mwa chitseko cha kabati, mayi anga mpaka lero amati anachiona ndi maso awo. Ndipo anapirira, msuweni. Nthawi ya nkhani ya denga ija, pamene aliyense ankasonkha, anthu anawanena kuti ndi ouma manja. Azakhali analira... ayi, sanalire, anangosiya kuwayankhula mwezi wathunthu, kwa iwo n'chimodzimodzi. Amalume osagwedezeka. Ankangoti, "Ndalama ili pantchito, musaisokoneze." Chaka chilichonse ankapita kukatenga kapepala kosonyeza zimene zili mu akaunti, n'kumakapinda bwinobwino m'thumba la jekete.

Ndipo masamu awo sananame ayi. Ichi ndikufuna uchimve bwino, chifukwa pamaliro paja ena ankayankhula ngati banki inawabera. Sinawabere. Zaka 8 zitakwana, 100,000 ija inali itafika 199,000 ndi kakusefukira. Kuwirikiza kawiri kumeneko, kungoperewera pang'ono chabe. Anavala jekete, ulendo kukafunsa lole.

Lole ija sinawadikire. M'zaka zimenezo zinthu zinkakwera mitengo mofulumira kuposa 9 wawoyo, tinene 12 peresenti pachaka. Tsono tenga 72 yemweyo ugawe ndi 12. Zaka 6. Kutanthauza kuti pa zaka 6 zokha lole inali itachoka pa 200,000 kufika cha m'ma 400,000, iwo kudakali zaka 2 zodikira. Pofika chaka chimene analemba pa kabati chija inali pafupifupi 495,000. Taona zimene zinachitika. Poyamba anali ndi theka la lole. Atapirira zaka zonsezo, osathandiza ngakhale padenga, ndalama yawo itawirikiza, anali ndi magawo awiri okha mwa magawo asanu a lole. Ndalama yachuluka, koma chimene ingagule chachepa. Anabwerako osayankhula, ndipo za lole sitinazimvenso. Zimandipweteka mpaka pano, chifukwa munthu uja anachita zonse zimene timauzana kuti munthu wanzeru azichita.

Chabwino, tibwere kwa iweyo. Yankho ndi ee, wawerengera bwino. Ndipo usangokhulupirira ine, tenga kakyuleta ya pafoni tiyendere limodzi. Ika 100,000. Chaka choyamba ikubereka 12,000, zonse 112,000. Chaka chachiwiri 12 peresenti uja sakuwerengedwanso pa 100,000 ayi, akuwerengedwa pa 112,000, ndiye ukupeza 125,440. Chachitatu 140,493. Chachinayi 157,352. Chachisanu 176,234. Chachisanu ndi chimodzi 197,382. Waona? Pangotsala pang'ono kukwana 200,000, mwezi umodzi ndi theka wowonjezera ndiye kuti yafika. Lamuloli ndi loyerekeza, si lolondola mpaka kakobiri komaliza, koma limakufikitsa pafupi kwambiri.

Koma wazindikira chimene chachititsa? Chiwongoladzanja cha chaka chatha chikukhala momwemo, nachonso n'kumabereka. Lamulo la 72 limagwira pokhapo. Ukamatapa 12,000 ija chaka ndi chaka, kaya ya fizi, kaya ya chiyani, kapena ngati banki imakulipirira payokha osaiphatikiza ku mpamba, basi, iwala za 72. Pamenepo umagawa 100 ndi 12, ndipo zimatenga zaka 8 ndi miyezi 4 kuti zonse zimene walandira zifanane ndi zimene unaika. Ndiye ukawafunse mwachindunji: chiwongoladzanjacho chimalowa mu mpamba, kapena chimatuluka?

China ndi msonkho. Nambala imene ugawe nayo ikhale yotsala m'manja mwako akadula zodula zawo zonse. Tiyerekeze kuti boma likutenga gawo limodzi mwa magawo asanu a chiwongoladzanja. Basi 12 wako watsika kufika 9.6. Tsono 72 kugawa ndi 9.6 ndi zaka 7 ndi theka. Chaka ndi theka chapita chonchi, iwe usanalakwitse kalikonse. Komanso 12 ameneyo akulonjeza kwa nthawi yaitali bwanji? Ngati ndi wa miyezi 12 yokha, kenako adzaonanso, ndiye kuti zaka 6 zakozo zaima pa nambala imene ingasinthe chaka chamawa.

Eya, ana inu chepetsani phokoso... pepani abale. Ndimati chiyani? Ee. Mfundo yanga, msuweni, ndi iyi: 72 umugawe kawiri. Koyamba ndi chiwongoladzanja chako, kachiwiri ndi mmene mitengo ikukwerera. Upeza mayankho awiri, zaka zoti ndalama yako iwirikize, ndi zaka zoti mtengo wa chinthu chako uwirikize. Yang'ana nambala yaing'ono pa ziwirizo. Ngati yaing'onoyo ndi ya mitengo, ukubwerera m'mbuyo ngakhale kapepala ka kubanki kakusekerere bwanji. Amalume anali ndi 8 ku mbali yawo ndi 6 ku mbali ya lole. Akanagawa kachiwiriko tsiku loyamba lomwelo, pensulo yomweyo ikanawauza.

Ndipo ngakhale iwe uli patsogolo, uone kuti uli patsogolo motani. Tinene kuti 12 wako ndi wathunthu, palibe chodulidwa, ndipo mitengo ikukwera 9 peresenti pachaka. Kusiyana kwake ndi 3 basi. Ndiye 72 kugawa ndi 3 ndi 24. Zaka 24, kapena kupitirira pang'ono, kuti ndalama yako igule zinthu zowirikiza kawiri zimene ingagule lero. Manambala a mu akaunti awirikiza pa zaka 6, inde, koma mphamvu yake yogulira ikufuna zaka 24. Iwe chimene ukufuna si manambala, ukufuna chinthu chija. Wamva kusiyana kwake?

Achemwali anafunsa tsiku lina kuti 72 ameneyu anachokera kuti, bwanji osakhala 70 kapena 80. Ndi wakalekale. Katswiri wa masamu wa ku Italy, Luca Pacioli, anamutchula m'buku lake la mu 1494, ndipo sanafotokoze n'komwe chifukwa chake, kusonyeza kuti amalonda a nthawi imeneyo ankamudziwa kale. Masamu enieni amapereka 69.3, ngati chiwongoladzanja chikuphatikizidwa mosalekeza, mphindi iliyonse. Koma chikamaphatikizidwa kamodzi pachaka nambala yoyenera imakwera pang'ono, ndipo 72 ndi wokoma kugawa pamutu: 2, 3, 4, 6, 8, 9, 12, onsewa amalowa bwinobwino popanda chotsala. Pamene amalondola kwambiri ndi pa 8 peresenti, mpamene zaka 9 zimakhaladi zaka 9.

Ukatalikira 8 amayamba kuphonya, makamaka kumtunda. Pa 24 peresenti lamulo likuti zaka 3, koma zoona zake ndi zaka 3 ndi miyezi pafupifupi 3. Pa 36 likuti zaka 2, pamene ndi zaka 2 ndi miyezi 3. Yesa 72 peresenti uone: likuti chaka chimodzi, koma 100,000 pa chaka chimodzi ikungofika 172,000, sinawirikize. Pali kanjira kokonzera. Pa mapointi 3 alionse opitirira 8, uwonjezere 1 pa 72 uja. Pa 20 peresenti wapitirira ndi 12, ndiye uwonjezera 4, ugwiritsa ntchito 76. Kugawa ndi 20 ndi 3.8, ndipo ndi momwemodi. Pa 12 wakoyu usavutike nazo, 72 akukwana.

O, ndi ichi, poti ndikukudziwa iwe ndi anzako aja. Wina akadzakuuza kuti bweretsa ndalamayo, iwirikiza pa miyezi 6, ulitembenuze lamuloli. Gawa 72 ndi 6, upeza 12. Ameneyotu ndi 12 peresenti pamwezi, mwezi uliwonse osaphonya, pamene banki ikukupatsa 12 pachaka chathunthu. Umufunse kuti akugulitsa chiyani chobweretsa phindu lotero, ndipo n'chifukwa chiyani akufuna ndalama yako. Ngongole nayonso imayenda chimodzimodzi: ya 10 peresenti pamwezi, ukapanda kubweza kalikonse, pa miyezi 7 ndi masiku ochepa yawirikiza. Amene akumva muno amve, sinditchula dzina.

Sindikuti usaike kubanki ayi, usakanene kwa mayi ako kuti ndakuletsa. Ndalama yongokhala m'nyumba ilibe nambala yogawa nayo n'komwe, mbali ya mitengo yokha ndiyo imayenda. Ndikungoti usalembe chaka pa kabati utagawa kamodzi kokha. Kugawa kwa banki wachita kale, wapeza 6. Kwatsala kwa mitengo, ndipo kumeneko ndiye kukuuze ngati udikire, kapena ugule chocheperako panopa ndi zimene uli nazo.

Ndiye chita chonchi. Zithunzi zija unatumiza muno chaka chatha zinali ndi mtengo, kazifufuze. Ufunsenso mtengo wa chinthu chomwecho lero, tione kuti wakwera ndi maperesenti angati pa chaka chimodzi. Chaka chimodzi sichinena zonse, ndiye uonenso nambala ya kukwera kwa mitengo imene banki yaikulu ya dziko imalengeza. Kubanki kwako ukafunse zitatu zija: ngati chiwongoladzanja chimalowa mu mpamba, zotsala akadula msonkho, ndi kutalika kwa nthawi imene 12 ameneyo wamangidwa. Unditumizire kumbali, osati muno, azakhali angayambe kukuwerengera ndalama zako.