Wotchi ya mmisiri: galasi la safiro kapena la minero?

"Achimwene, ine ndimamanga nyumba, tsiku lonse ndimakhala mu mchenga ndi simenti. Galasi la wotchi yanga lakalika moti padzuwa sindionanso mivi. Wogulitsa wina akuti ndigule ya safiro chifukwa sikalika, koma mnzanga akuti safiro sachedwa kusweka. Woona ndani?"

Kalata yanuyi ndaiwerenga katatu, achimwene, chifukwa yandikumbutsa wotchi ya malemu bambo anga. Ankapita nayo kudimba osaivula. Akamaliza kuthirira ankatenga nsonga ya malaya n'kupukuta galasi lija mwachikondi, ndipo malayawo anali odzaza fumbi. Pamene inkafika m'manja mwanga, galasi linali litachita mbuu ngati lapakidwa phala. Palibe tsiku limene inagwa kapena kumenyetsedwa. Chinaipha ndi kupukuta komweko.

Zinanditengera zaka kuti ndimvetse chifukwa chake. Mu 1812 katswiri wa miyala wa ku Jeremani, Friedrich Mohs, anandandalika miyala kuyambira pa 1 mpaka 10 potengera kuti ndi uti umene ungakale unzake. Dayimondi ali pa 10. Safiro ali pa 9. Galasi la minero, lomwe ndi galasi ndithu koma lolimbitsidwa ndi moto kapena mankhwala, lili cha pa 6. Tsono mchenga umene mumasakaniza ndi simentiwo wadzaza timiyala ta kwatsi, mwala womwe uja wa nsangalabwi zoyera, ndipo kwatsi ali pa 7. Nkhani yonse ya kukalika yagona pamenepa. Kamchenga kamodzi n'kolimba kuposa galasi la minero, ndiye kakatsetsereka pamwamba pake kamasiya mzere. Kamchenga komweko pa safiro kamangodutsa. Kiyi kapena ndalama yachitsulo, zimene ambiri timaziopa, si zoopsa ngati fumbi la m'thumba momwe zimakhalamo.

Nditadziwa zimenezi ndinasunga ndalama miyezi ingapo n'kugula wotchi ya safiro. Ndinaivala zaka zinayi, lamba anatha, chitsulo cha m'mbali chinadzaza zipsera, koma galasi linali see ngati latuluka kumene m'bokosi. Tsiku lina ndinakhula nayo pa felemu ya windo n'kuona mzere wotuwa pagalasi. Mtima unagunda. Ndinatenga labala ya pensulo ya mwana wanga n'kufufuta, mzere uja unachoka wonse. Chinali chitsulo cha felemu chimene chinasupuka n'kumatirira pamenepo, safiroyo sanakhudzidwe n'komwe.

Kenako m'mawa wina ndikuivula kubafa inandipulumuka. Sinagwe patali, mwina kuchokera m'chiuno basi, koma inagwera cham'mbali pa simenti. Nditaitola, m'mphepete munali mutabenthuka kachidutswa konga njere ya mpunga, ndipo kuchokera pamenepo mng'alu unadutsa mpaka pa nambala 4. Ndinakhala kanthawi ndili chiimire, wotchi ili m'manja.

Mmisiri wina wachikulire wokonza mawotchi amene ndinamupititsira ndiye ananditsegula maso. Anaika chala chake m'mphepete n'kunena kuti, "Mwaona bambo, galasi lanuli linatumphuka pamwamba pa mkombero wachitsulo. Ikagwa, choyamba kufika pansi ndi galasi." Anandisonyeza ina ya galasi lolowa m'kati pang'ono, mkombero utalizungulira ngati mpanda. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukhulupirira zoti safiro ndi wosalimba, ndipo mnzanu uja ndikumutsutsa, ngakhale kuti pali kachoonadi m'mawu ake. Safiro ndi wouma kwambiri ndipo sapindika, choncho nkhonya yakuthwa ikamupeza m'mphepete amabenthuka kapena kusweka. Koma nalonso galasi la minero limasweka, si mphira ayi. Ndipo lili ndi vuto limene anthu salitchula: mzere uliwonse wozama ndi poyambira mng'alu. Ndi mmene odula magalasi a mawindo amachitira, amalemba mzere kenako n'kuthyola. Galasi la minero limene lakhala chaka mu mchenga silikhalanso ndi mphamvu zimene linali nazo lili latsopano. Chimene chimagamula ngati galasi lipulumuke ikagwa ndi kuchindikala kwake ndi mmene lakhalira mu mkombero, kuposa dzina lake.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa ogulitsa ena amandipweteka mtima akamauza anthu kuti pawotchipo pali mwala wa mtengo wapatali wokumbidwa pansi. Safiro weniweni wa m'nthaka alipo, ngakhale kwathu kuno pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu pamapezeka safiro ndi rube. Koma wa pawotchi ndi wopangidwa m'fakitale. Mfalansa wina, Auguste Verneuil, analengeza njira yake mu 1902: ufa wa aluminiyamu okusaidi umathiridwa pa lawi lotentha kupitirira madigiri 2,000, n'kumaundana pang'onopang'ono kukhala chibulumwa choonekera mbee. Chibulumwacho amachicheka ndi kuchisalaza ndi zida za dayimondi, ndipo ntchito yovutayi ndi imene imakweza mtengo. Kulimba kwake n'chimodzimodzi ndi wa m'nthaka, choncho sikuti ndi wabodza. Chabodza ndi kumutcha wokumbidwa. Chenjeraninso ndi mawotchi amene amati ndi okutidwa ndi safiro. Amenewo pansi pake ndi minero, safiroyo ndi kachikopa kopyapyala pamwamba.

Zimene zimakala safiro

Apa mpamene ntchito yanu ikundidetsa nkhawa. Madisiki odulira matailosi ali ndi dayimondi, ndipo miyala ina ya gulayinda ndi sandipepa yakuda zili ndi silikoni kabaidi, yemwe ndi wolimba kuposa safiro. Fumbi la zimenezi likakhala pagalasi inu n'kupukuta, mzere ubwera, ndipo mzere wa pa safiro mmisiri wamba sangauchotse. Chinanso, safiro amanyezimira kwambiri padzuwa kuposa minero, ndiye opanga amapakapo kautoto kochepetsa kunyezimira, kaja kamaoneka kobiriwira ngati thambo mukaipendeketsa. Kautotoko n'kofewa. Kakapakidwa kunja kamakalika, munthu n'kumati safiro wake ndi wabodza. Funsani ngati kanapakidwa m'kati mokha.

Ena amati dontho la madzi likaima ndi kuundana pagalasi ndiye kuti ndi safiro. Ine njira imeneyi sindiidalira, chifukwa utoto ndi mafuta a zala zimasokoneza. Kachipangizo koyezera dayimondi kamene ogula miyala amakhala nako ndiko kamasiyanitsa bwino, popeza safiro amatulutsa kutentha msanga kuposa galasi.

Ndiye inu mutani? Kuntchito valani wotchi ya minero yomwe galasi lake linalowa m'kati mwa mkombero wokwera, monga mmene kampani ya Casio imapangira mawotchi ake ambiri a G-Shock, kapena ivuleni muziisunga m'chikwama podula matailosi. Yakale ija musaitaye, galasi lokha limasinthidwa, mmisiri amangoyeza kukula ndi kuchindikala kwake, ndipo muumirire kuti asinthenso kamphira kotchinga madzi. Ya safiro ikhale yovala mukaweruka. Musanapukute galasi lililonse, yambani mwauzira fumbi kapena kulitsuka ndi madzi ngati wotchiyo silowa madzi. Ndipo likadzasweka, kokani msanga kachitsulo kokonzera nthawi kuti mivi iime ngati wotchi yanu imatero, chifukwa mivi ikamayenda imakoka tizidutswa n'kukala nkhope ya wotchi. Yanga ija ili ndi kamzere pafupi ndi nambala 5 mpaka lero, chifukwa ndinaisiya ikuyenda masiku awiri ndisanapite nayo kwa mmisiri.