Akuti dalaivala si wantchito wawo

"Dalaivala wa kampani ina yoperekera katundu wagunda mchimwene wanga. Kampaniyo ikuti iyeyo ndi kontrakitala chabe, ndiye tikalimbane naye yekha. Titani?"

Musavomere msanga, chonde! Mawu omwewo anandiuza ine. Lole inkabwerera m'mbuyo n'kupanikiza mwana wanga kukhoma, mwendo kuthyoka pawiri. Mpaka lero ndimamvabe mmene ankakuwira, ine ndikumenya chitseko cha dalaivala ndi manja, iye osamva chifukwa wailesi inali pamwamba. Mawa lake ndinapita ku ofesi yawo magazi akadali pa malaya. Bwana wake sanafunse n'komwe kuti mwana wagona bwanji. Anangotulutsa pepala m'dirowa, amvekere, "Werengani apa mayi, ameneyu amadziyimira payekha." Anthu opanda chisoni!

Chimene amathawira n'chakuti wantchito akavulaza munthu ali pa ntchito, bwana wake amayankha nawo mlanduwo ngakhale kuti sanali pomwepo, chifukwa ndiye amamulamula komanso phindu limapita kwa iye. Koma kontrakitala amagwira ntchito mwa njira yake, ndiye kawirikawiri zolakwa zake zimakhala zake. Akakukankhirani kwa dalaivala akudziwa kuti alibe kalikonse koti n'kulipira.

Loya ndiye ananditsegula maso. Anati khoti silingowerenga dzina limene alemba pa kontrakiti, limaona mmene ankagwiriradi ntchito. Ndipo titafufuza, loleyo inali ya kampani, mafuta ankathira ndi iwo. M'mawa uliwonse ankamupatsa ndandanda ya kopita ndi nthawi yofikira, akachedwa ankamudula malipiro. Sankaloledwa kukana ulendo, kunyamulira anthu ena, kapena kutuma mnzake kuti amuyendetsere. Ndiye kudziyimira payekha kwake kuli pati? Kontrakitala weniweni amakhala ndi galimoto yake ndi makasitomala angapo, amalipidwa pa ntchito imene wamaliza, ndipo zikavuta amaluza ndi iyeyo. Loya atawalembera zonsezi, anayamba okha kundiimbira kuti tikambirane.

Fufuzaninso kumene dalaivalayo ankapita nthawi ya ngozi. Wathu anali ndi katundu wawo m'lole, pepala loperekera lili m'manja. Akanakhala kuti wapatukira kutali pa zake, akanapeza pothawira pena. Ndipo ngakhale atapezeka kuti ndi kontrakitaladi, kampani ikhoza kuyankhabe pa kulakwa kwake ngati inapatsa ntchito munthu wopanda laisensi kapena galimoto ya mabuleki akutha.

Koma kunena zoona, musathere mphamvu pa kampaniyo, idzakudwalitsani mtima. Tengani lipoti la apolisi, la dokotala ndi nambala ya galimoto, mudziwe kuti inalembetsedwa m'dzina la ndani, kenako muyambe ndi a inshuwalansi ake. Dalaivalayo musamukalipire, mauthenga amene bwana ankamutumizira ali mu foni mwake ndipo mudzawafuna. Musasaine pepala lililonse loya asanalione, komanso musachedwe, milandu yotere ili ndi nthawi yake yokasumira.