Khadi ya zithunzi yapayokha? Ndalamazo gulirani ramu

"Achimwene, ndikuphunzira kulemba mapulogalamu, ndipo makalasi ena timachitira pa Zoom. Wogulitsa akuti ndiwonjezere ndalama, nditenge laputopu ya khadi ya zithunzi yapayokha. Ndimumvere?" Watero wophunzira wina wa ku Nkhotakota.

Funsoli landikhudza, chifukwa mawu omwewa ndi amene anadyera ndalama za mchemwali wanga kuno ku Salima. Anagulitsa mbuzi kuti mwana wake apeze laputopu ya masewera yokhala ndi khadi ya zithunzi ya NVIDIA GTX 1650. Tchaja yake ndi chimphona ngati njerwa, ya mawati 150, pamene laputopu wamba imakhutira ndi 45 kapena 65. Magetsi akathima, kainiveta ka sola ka pakhomopo kamayamba kulira mwanayo akangolumikiza. Ikafika Okutobala, ndi kutentha kwa kunyanja kuno, mafani amachita phokoso mpaka anzake m'kalasi kumupempha kuti atseke maiki. Chondiwawa kwambiri n'chakuti nkhope ya mphunzitsi imaumabe pasikirini, poti vuto linali netiweki ya kumudziko.

Ndinena mosapsatira: kugulitsa makina otere kwa mwana wolemba Python n'kumulakwira. Zithunzi za pa Zoom sizilemera. M'mapurosesa a Intel muli kale kagawo kotchedwa Quick Sync, kamene kanayamba mu 2011, ndipo ntchito yake ndi kupanikiza ndi kumasula vidiyo. Kulemba ndi kuyendetsa pulogalamu kumadalira purosesa, ramu ndi disiki. Khadiyo nthawi zambiri imangokhala. Ndipo musandiyambitse za fumbi la m'chilimwe lomwe limatseka mafani, mmisiri wotsegula makina oterewa n'kukamupeza ku Lilongwe!

Pomwe pali vuto lenileni

Zipangizo za zithunzi zomwe zili kale m'purosesa, monga Intel Iris Xe kapena AMD Radeon, zilibe ramu yakeyake, zimabwereka ya kompyuta yonse. Pa magigabayiti 8, mukatsegula Zoom, Chrome ndi Android Studio nthawi imodzi, malo amatha, kompyuta n'kuyamba kutaya zinthu pa disiki. Kukakamira kumayambira pamenepo, anthu n'kumanamizira zithunzi.

Dzionereni nokha kalasi ili mkati. Pa Windows, dinani `Ctrl+Shift+Esc` kuti mutsegule Task Manager, pitani pa Performance. Memory ikadutsa 90% pamene GPU, yomwe ndi gawo la zithunzi, ili pansi, chikusowa ndi ramu. Zonse zikakhala pansi koma mawu akudukaduka, ndi netiweki.

Tengani Core i5 kapena Ryzen 5, disiki ya SSD, ndi ramu ya magigabayiti 16 ya tizidutswa tiwiri ta 8, chifukwa tikakhala tiwiri zithunzi zimathamanga kuposa pa kamodzi. Khadi ya NVIDIA muiganizire pokhapokha ngati maphunziro anu akufuna CUDA, yomwe ndi njira yochitira masamu olemera pa khadiyo, kapena kujambula za 3D mu Blender.