Mayina atatu a bekale: kalata yopita kwa alamu ku Joni

"Ine ndi alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, tikutsegula bekale kuno ku Mangochi Boma kufupi ndi mlatho. Iwo ali ku Joni, anatumiza ndalama ya uvuni ndi mikisa, ine ndayika malo ndi fulawa yoyambira komanso ndine wophika. Tinagwirizana hafu hafu. Pa dzina ndiye tavutana, iwo akufuna dzina la mwana wawo wamkazi, ine sindikufuna koma ndikuopa kuwakhumudwitsa. Anandiuza kuti ndilembe mayina atatu ndi zifukwa zake asankhepo. Ndilembe bwanji?"

Achemwali, pa nkhani ya dzina la mwana ija mukulondola ndipo musachite nayo manyazi, chongofunika ndi choti chifukwa chake chikhale cha bizinesi osati cha pabanja. Dzina la mwana wa munthu mmodzi likakwera pa chikwangwani, tauni yonse imadziwa kuti bekale ndi ya bambo a mwanayo, inu mudzangotchedwa "mayi amene amagwira ntchito kubekale kuja" chonsecho hafu ndi yanu ndipo amene mukudzuka usiku kukanda ndinu. Ndiye tsiku lina mukadzafuna kugawana, chifukwa mabizinesi a anthu awiri amatha ngakhale popanda mkangano, mwina alamu abwerera kumudzi afuna kuyamba zina, dzinalo lidzapita ndi iwo basi, simungapitirize kugulitsa buledi m'dzina la mwana wa eni. Uvuni mutha kuwerengera mtengo n'kubwezerana ndalama, koma makasitomala amene anazolowera kunena kuti "ndipatseni buledi wa kwakuti" amatsata dzina. Lamulo lomwelo likhudzenso inu, musayikepo dzina lanu, la mwana wanu kapena la mfunda wanu, ndipo m'kalatamo munene poyera kuti inunso mwadzimana. Alamu akaona kuti nonse mwasiya zanu sangamve ngati mwawakanira mwana.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri pa makalata ngati awa ndi kuyika dzina limodzi lomwe munthu ukulifuna, kenaka awiri ongodzazira omwe ukudziwa kuti ndi oyipa kuti mnzako asankhe lako lija. Munthu amazindikira zimenezo, ndipo choopsa china n'choti atha kusankha lodzazira lomwelo inu n'kukhala nalo zaka. Onse atatu akhale oti mutha kuwalandira ndi mtima umodzi, lililonse mulipatse ubwino wake ndi vuto lake, kenaka munene lomwe mukulikonda inuyo osabisa.

Musanalembe yesani mayinawo pakamwa pa anthu. Buledi wambiri sagulidwa ndi munthu wowerenga chikwangwani, amagulidwa ndi mwana wotumidwa ku okala, ndi mayi wa tiyirumu amene akuyimba foni kuoda madazeni a mabanzi, ndi wakabaza amene mwamuuza kuti kasiye kireti ku M'baluku. Ndiye tchulani dzinalo kamodzi kokha kwa mwana wa pulayimale, kwa agogo olankhula Chiyao, ndi kwa wakabaza mmodzi, mawa lake muwafunse kuti bekale ija dzina lake ndani. Lomwe aliyiwala kapena alipotoza likhalanso choncho pamsika. Muwerengenso malemba ake, poti olemba zikwangwani ambiri mtengo umakwera malemba akachuluka, ndipo dzina lomwelo liyenera kukwana pa jumbo ya buledi, pa chidindo cha malisiti ndi pa mbali ya kireti. Zimene mwapeza poyesapo ndi zimene zikhale zifukwa zanu m'kalata, zimamveka bwino kuposa kungoti "dzinali ndi lokoma".

Nachi chitsanzo, mayina ndasankha ine potengera malo mwanenawo, inu mutha kusintha.

Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, kuno tonse tili bwino ndipo uvuni uja wafika, tauyesa ukupsa bwino. Ndalemba za dzina la bekale yathu monga munandiuzira. Poyamba ndinene kuti sindinayikepo dzina la munthu aliyense, la mwana wanu, la ana anga kapena langa. Mwanayo ndi wanganso ndipo ndimamukonda, koma poti bekaleyi ndi ya tonse awiri ndaona kuti dzina likhale loti aliyense wa ife, ngakhale ana athu mtsogolo, atha kulitchula kuti ndi lathu.

Loyamba ndi Yambone. Ndi mawu a Chiyao onena zinthu zabwino, ndipo makasitomala athu ambiri a kuno ndi a ku Namwera akumva pompo. Lili ndi malemba 7 okha, likukwana pa jumbo ndi pa chidindo mosavuta, ndipo silikutimanga pa buledi yekha, mawa tikayamba masikono ndi makeke a ukwati dzinali ligwirabe. Ndinalitchula kwa anthu atatu, mawa lake onse analikumbukira. Vuto lake ndi loti alendo ochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre opita kunyanja ena sadziwa tanthauzo lake, komanso poti ndi mawu otchuka mwina wina analembetsa kale.

Lachiwiri ndi Pamlatho. Ubwino wake ndi woti dzina lomwelo likulondolera munthu pomwe tili, palibe wa ku Mangochi amene sadziwa mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo aliyense wopita ku Namwera kapena ku Chiponde amadutsa pomwepo. Wakabaza safunsa kawiri. Vuto lake ndi loti nyumbayi ndi ya lendi, eni ake akatichotsa n'kukapeza malo kutali ndi Shire dzinali likhala likunama, chimodzimodzinso tikadzatsegula ina ku Monkey Bay.

Lachitatu ndi M'bandakucha. Limauza munthu kuti buledi wathu amatuluka kusanache, wotentha, nthawi yoti asodzi akuchokera kunyanja ndi anthu akuchokera kumzikiti apeze kale pa shelefu. Ndi Chichewa chomveka kwa aliyense. Koma ndi lalitali, malemba 11, ndipo kachizindikiro ka pakati pa M ndi b kaja anthu amakasiya polemba ndiye lizilembedwa mitundu iwiri. Komanso ndi lonjezo, tsiku lomwe magetsi azima usiku buledi n'kutuluka 9 koloko anthu adzatiseka nalo dzina lomwelo.

Ine mtima wanga uli pa Yambone, kenaka Pamlatho, koma lililonse mwa atatuwa mukalisankha ndilandira. Chonde mundiyankhe pofika Lachisanu sabata yamawa, mutchule loyamba ndi lachiwiri, kuti loyambalo likakanidwa kolembetsa tisayambirenso kukambirana. Ngati onse atatu sanakusangalatseni tumizani anu atatu, bola asakhale a munthu.

Ndine mlamu wanu.

Mwaona kuti ndapempha mayina awiri motsatana, chifukwa chake ndi kulembetsa. Bizinesi imalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi motsata lamulo la 2012, ndipo kumeneko dzina lofanana kapena loyandikana kwambiri ndi lomwe wina analembetsa kale amalikana. Ndiye musalipire wolemba chikwangwani, musadinditse majumbo, musapangitse chidindo satifiketi isanatuluke. Ine ndinaonapo anthu atadinditsa majumbo mtolo wonse dzina n'kukanidwa, anamaliza chaka akugulitsa buledi m'jumbo ya dzina lina satifiketi ili ndi dzina lina, ndipo zoterozo zimavuta mukafuna kupereka buledi kusukulu yogonera konko kapena kumalo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, poti iwo amafuna dzina la pa invoisi, la ku banki ndi la pa katundu likhale limodzi. Dzina lomwelo ndi limene mupite nalo ku MRA, ku khonsolo kukatenga layisensi, ndi ku MBS amene amayendera malo opangira zakudya ndipo amafuna dzina ndi adiresi ya wopanga zioneke pa paketi. Polembetsapo onetsetsani kuti yalembedwa ngati bizinesi ya anthu awiri, mayina a nonse awiri alipo, isalembedwe m'dzina la munthu mmodzi poti winayo ali kutali ndiye "tidzakonza akabwera". Zimenezo sizikonzedwa.

Kulembetsako sikukuuzani za bekale yaing'ono ya ku Makawa kapena kwa Chimwala imene ikugwiritsa ntchito dzina lomwelo osalembetsa, izo mufufuze nokha, funsani madalaivala a minibasi ndi anyamata ooda buledi, amadziwa bekale iliyonse ya m'njira zawo. Kulimbana ndi munthu amene anthu anamuzolowera kale ndi dzinalo n'kotopetsa ngakhale pepala lili kwa inu.

Mwina mudabwa kuti sindinayikepo dzina lachipembedzo pomwe mashopu ambiri kwathu kuno ali ndi mayina otero. Buledi amadya aliyense, Msilamu, Mkatolika, wa Anglican wa ku Mpondasi, ndiye sindiona chifukwa choti chikwangwani chiyambe kusankha anthu. Chimene makasitomala achisilamu amafuna kudziwa ndi mafuta amene mukupakira mathireyi ndi zomwe mukuthira mu fulawa, ndipo ngati mukufuna mawu oti halaal aoneke pa jumbo pitani kaye kwa a Muslim Association of Malawi amene amapereka satifiketi yake, musangodzilembera nokha. Mwa atatu aja M'bandakucha ndi lomwe limatsamira nthawi imodzi ya tsiku, pomwe mwezi wa Ramadhani malonda ambiri a zakudya amasamukira madzulo nthawi yomasula, mfundo imeneyi mutha kuyiwonjezera pa vuto lake ngati mukuona kuti alamu akukokera komweko.

Za Chiyao, ngati inu simuchilankhula bwino musadalire ine kapena munthu mmodzi, funsani akuluakulu awiri atatu kuti mawuwo akumveka bwanji akayima okha pa chikwangwani, ndi kalembedwe kake komwe, poti mawu amodzi omwewo ena amalemba mosiyana ndipo chidindo chikadindidwa molakwika ndi ndalama ina.

Kalatayo itumizeni yolemba, kaya pa WhatsApp kaya mwalemba pamanja n'kujambula, koma isakhale ya mawu ojambula pafoni, ndipo yankho lawonso likhale lolemba. Amuna anu awerengeretu isanapite kuti asadzamve kwa mng'ono wawo, koma wotumiza mukhale inuyo poti mnzawo wa bizinesi ndinu. Alamu akayankha, lembani dzinalo m'kope lomwe munalemba za hafu hafu zija, ndi mzere umodzi wonena kuti mukadzasiyana dzina lidzatsala ndi amene akupitiriza bekale ndipo adzalipira mnzake mtengo womwe mudzagwirizane, nonse musayine iwo akabwera pa holide.