Buku likuti ali pansi, achimwene akuti ali bwino: ndilembe ziti?

"Alangizi, ndili m'chaka chachiwiri ku yunivesite ndipo ndikuphunzira sosholoje. Atipatsa mutu umodzi wa buku la Michael Piore kuti tiwerenge, kenako tilembe masamba asanu osonyeza mmene chiphunzitso chake chikugwirizanira ndi moyo wa munthu wogwira ntchito kunja. Achimwene anga anali mphunzitsi, koma tsopano atha zaka zinayi kunja akuyeretsa zipinda mu hotela. Bukulo likuti anthu ngati iwowa ali pansi penipeni, koma iwo akaimba foni amati zonse zili bwino. Akunama ndani? Nanga ndiyambire pati?"

Palibe akunama pa awiriwa. Mukawerenganso mutuwo mofatsa muona kuti Piore ankayembekezera kuti munthu ngati achimwene anu ayankha choncho, ndipo chifukwa chake n'chimene muyenera kuyambirapo.

Piore, katswiri wa zachuma wa ku Amereka, anatulutsa bukulo mu 1979. Funso lake linali lakuti: n'chifukwa chiyani mayiko olemera amaitanabe antchito ochokera kunja pamene nzika zawo zina zili pa ulova? Anayankha kuti ntchito za m'mayikowo zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la ntchito zokhazikika, zimene munthu amaphunzitsidwa, amakwezedwa paudindo, ndipo kumuchotsa n'kovuta. Gulu lachiwiri ndi la ntchito za malipiro ochepa, zimene zimachuluka malonda akamayenda n'kutha malonda akatsika, ndipo amene walowamo sakwera. Nzika zimazikana ntchito za gulu lachiwirili, osati chifukwa cha ndalama zokha ayi, komanso chifukwa ntchito imauza anthu ena kuti iwe ndiwe ndani.

Mwina mungafunse kuti bwanji olemba ntchito osangokweza malipiro kuti nzika zibwere. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amadumpha, chonsecho ndiye mtima wa mfundoyo. Tiyerekeze hotela imene achimwene anu akugwiramo. Mwini wake akakweza malipiro a woyeretsa zipinda, wolandira alendo sangalole kuti azilandira zofanana ndi woyeretsa, wophika nayenso afuna zake zikwere, mpaka kapitawo. Kukweza malipiro a munthu mmodzi wapansi kumakankha malipiro a onse a pamwamba pake. Choncho n'zotsika mtengo kupeza munthu amene sizikumukhudza kuti ali pansi pa onse mu hotelamo. Munthu wotere ndi mlendo amene wabwera kwa kanthawi ndi cholinga chimodzi, kaya kumanga nyumba, kulipira fizi kapena kupeza mpamba wa bizinesi. Iyeyu ntchitoyo amaiona ngati njira yopezera ndalama basi. Ulemu wake sauyezera mu hotelamo, amauyezera kwawo, pamaso pa anthu amene akuona nyumba ikukwera.

Ndiye achimwene akamati "zili bwino", funso loti mufunse ndi lakuti: zili bwino poyerekeza ndi ndani? Ngati akudziyerekeza ndi aphunzitsi anzawo amene anawasiya kumudzi, akunena zoona, ndipo chiphunzitsocho chawafotokoza bwino.

Tsopano njira yolumikizira buku ndi moyo. Musatenge mawu akuluakulu a m'bukumo n'kumawamata pa munthu. Chiganizo chonga "achimwene anga ali m'gulu lachiwiri la msika wa ntchito" chilibe chimene chasonyeza, ndipo aphunzitsi anu alemba pambali kuti umboni uli kuti. M'malo mwake tengani mfundo iliyonse n'kudzifunsa kuti: ngati izi zili zoona, ndingaone chiyani pa tsiku wamba la munthuyu? Ndipo ngati zili zabodza, ndingaone chiyani?

Tengani mfundo ya magulu awiri. Musawafunse ngati amasalidwa, chifukwa ayankha kuti ayi n'kutha pomwepo. Afunseni zinthu zimene angathe kuwerenga. Amene anawalemba ntchito ndi hotelayo kapena ndi kampani ina imene imangotumiza oyeretsa? Kontirakiti yawo ndi ya miyezi ingati? Ndandanda ya masiku ogwira ntchito amaidziwa liti? Alendo akachepa mu hotelamo, maola a ndani amayamba kudulidwa? Pa zaka zinayi zimenezi, ndi angati mwa anzawo oyeretsa amene anasamutsidwira polandirira alendo? Tiyerekeze kuti ayankha kuti anawalemba ndi kampani ina, kontirakiti amaisaina chaka ndi chaka, nyengo ya alendo ochepa amagwira masiku atatu pa sabata m'malo mwa asanu ndi limodzi, ndipo palibe woyeretsa amene anakwezedwapo kupatula mmodzi amene ndi nzika. Pamenepo muli ndi ndime yolimba, chifukwa mwasonyeza kuti malonda akatsika amene amasenza vutolo ndi iwo, osati hotela. Koma akati anatumizidwa kukosi ndipo tsopano amayang'anira anzawo khumi, mulembenso zimenezo, ndipo munene kuti khoma limene Piore anajambula pakati pa magulu awiriwa apa likuoneka kuti lili ndi chitseko.

Mfundo ya ulemu ndiyo yovuta kuifunsa, koma ndi yokoma kwambiri. Ndalama zimaulula zimene pakamwa sipanena. Pa malipiro a mwezi, ndi gawo lanji limapita kumudzi? Amagona angati m'chipinda? Anagulako kanthu kolemera, kovuta kukwera nako ndege, monga bedi kapena firiji? Anzawo a kuntchito amadziwa kuti anali mphunzitsi? Nanga anthu akumudzi, kupatula inu apabanja, amadziwa ntchito imene akugwira? Munthu amene amagona anayi m'chipinda, amatumiza theka la malipiro, ndipo sanauzepo aliyense kuntchito za satifiketi yake, akukhala ndendende mmene bukulo linanenera: thupi lili uko, dzina lili kwawo.

Koma mwati atha zaka zinayi, ndipo apa mpamene nkhani yanu ingapose za anzanu. Piore sananene kuti zinthu zimakhala choncho mpaka kalekale. Anati zaka zikamapita, cholinga chija chimasuntha, munthu amapeza anzake, mwina banja, ndipo amayamba kudziyeza ndi anthu a komweko. Ntchito imene ankaipirira imayamba kumuwawa, ndipo ana obadwira kumeneko amaikana ngati mmene nzika zimaikanira. Chitsanzo chodziwika ndi cha dziko la Jeremani ya Kumadzulo, limene linasainirana mapangano otenga antchito ndi Italiya mu 1955 komanso ndi Turkey mu 1961. Poyamba maganizo anali oti anthu azibwera n'kumabwerera, moti pangano la ndi Turkey linkalola munthu kukhala zaka ziwiri zokha. Mu 1964 malirewo anachotsedwa, chifukwa eni mafakitale sankafuna kumaphunzitsa anthu atsopano nthawi ndi nthawi. Pamene boma linasiya kuitana antchito mu 1973, anthu pafupifupi 14 miliyoni anali atabwerako ndipo pafupifupi 11 miliyoni anabwerera kwawo. Ambiri mwa otsalawo anaitanitsa akazi ndi ana awo n'kukhazikika.

Choncho afunseni achimwene kuti ponyamuka anati akakhala zaka zingati, ndipo tsiku lobweralo alisinthapo kangati. Afunseni ngati zimene amatumiza zikufanana ndi za chaka choyamba, ngati ayamba kuphunzira chinenero cha kumeneko mopitirira cha kuntchito, ndiponso ngati anafufuzapo zoti satifiketi yawo ya uphunzitsi ivomerezedwe kumeneko. Munthu amene wayamba kufunsa za satifiketi wayamba kusamala za ulemu wake komwe aliko.

Pali malo amodzi pamene, kwa ine, chiphunzitsochi chimatsimphina, ndipo ndi nkhani ya mapepala. Bukulo limatsindika kwambiri zofuna za olemba ntchito ndi maganizo a wantchito, koma m'mayiko ambiri amene amaika munthu m'gulu lachiwiri ndi lamulo la boma. M'mayiko a Aluya a ku Gulf muli dongosolo lotchedwa kafala, limene limamangirira chilolezo cha munthu chokhalira m'dzikomo kwa amene wamulemba ntchito. Ku Qatar, mpaka mu 2020, wantchito wochokera kunja ankafunika chilolezo cha bwana wake kuti asinthe ntchito. M'mayiko otere munthu akhoza kutha zaka makumi awiri osakhala ndi njira yeniyeni yodzakhala nzika, ndiye kukhazikika kumene Piore ananena sikuchitika mofanana ndi ku Jeremani. Simunanene dziko limene achimwene ali, koma funso ndi limodzi: atasiya ntchito lero, chilolezo chawo chingatsale kapena chingathere pomwepo? Ngati chingathe, ndiye kuti kusadandaula kwawo kuli ndi zifukwa ziwiri, ndipo inu muyenera kunena kuti simungathe kuzilekanitsa ndi foni imodzi. Ngati laibulale yanu ili nayo, nkhani ya Michael Burawoy ya mu 1976, yoyerekeza antchito a m'migodi ya ku South Africa ndi a m'minda ya ku California, ikuthandizani pa mbali imeneyi, chifukwa imasonyeza mmene boma limalekanitsira malo ogwirako ntchito ndi malo olererako ana.

Chinthu china musachiiwale polemba: inuyo si munthu wapadera pa nkhaniyi. Ndinu mmodzi wa anthu akumudzi amene achimwene amayezerapo ulemu wawo, ndipo mwina mbali ya fizi yanu ikuchokera m'zipinda zomwezo. Munthu sauza mng'ono wake amene akumulipirira sukulu kuti msana ukumupweteka. N'chifukwa chake ndakupatsani mafunso a maola, kontirakiti ndi katundu, osati a mmene akumvera mumtima. Zimenezi muzilembe poyera m'ndime imodzi. Aphunzitsi a sosholoje amapereka malikisi kwa wophunzira amene wazindikira kuti ubale wake ndi wofunsidwa ukukhudza mayankho.

Musanaimbe foni, funsani aphunzitsi anu ngati ntchitoyi ikulola kufunsa anthu, chifukwa mayunivesite ambiri amafuna chilolezo ngakhale wofunsidwayo ali m'bale wanu. Achimwenewo muwauze kuti mukulemba za kusukulu ndipo avomere. Dzina lawo mulisinthe, hotela ndi mzinda musazitchule, ndipo ngati mapepala awo ali ndi vuto lililonse, nkhani imeneyo isalowe m'zolemba zanu ngakhale pang'ono.

Pa masamba asanuwo, limodzi lokha likukwana kufotokoza chiphunzitsocho m'mawu anuanu. Atatu akhale a mayankho a achimwene, mfundo iliyonse pamodzi ndi umboni wake. Lotsalalo likhale la pamene bukulo silinawafotokoze bwino. Ndipo pewani mawu oti "izi zikutsimikizira kuti Piore ananena zoona", chifukwa munthu mmodzi sangatsimikizire kapena kugwetsa chiphunzitso chonena za anthu mamiliyoni. Lembani kuti zimene mwapeza zikugwirizana ndi mfundo yakutiyakuti, zikusemphana ndi ina, kenako mutchule anthu amene mukanafuna kuwafunsa kuti muone ngati kusemphanako ndi kwa achimwene okha: mnzawo amene wangofika chaka chino, ndi wina amene watha zaka khumi.