Invoisi ya madola ikalipidwa pa mtengo wina: kumene kusiyana kwa ndalama kumalembedwa

Funso: Ndili ndi shopu ya zipangizo za ulimi wothirira pa boma la Mchinji. Ndinaoda mapampu a sola pangongole ku kampani ina ya ku Lusaka, ndipo invoisi yake inali ya madola 4,000. Tsiku limene ndinalandira katundu, dola inali pa K1,700, choncho ndinalemba ngongole ya K6,800,000. Nditalipirako madola 2,500 kudzera ku banki, pa akaunti yanga panachoka K4,375,000. Tsopano buku langa likusonyeza kuti kwatsala K2,425,000, pamene a kampaniwo akuti kwatsala madola 1,500, ndipo ziwirizi sizikugwirizana. Kodi ndisinthe mtengo umene ndinalemba pa mapampu aja?

Wamalonda, Mchinji

Yankho: Musausinthe, bambo. Mtengo wa mapampuwo unakhazikika tsiku limene anakhala anu, ndipo K6,800,000 imene munalemba ndi yolondola. Chimene chikusowa m'buku mwanu ndi mzere umodzi wokha, wosonyeza ndalama zimene munataya chifukwa chakuti dola inakwera mtengo pakati pa tsiku logula ndi tsiku lolipira.

Gwero la chisokonezo ndi lakuti ngongole yanu ili m'madola, koma buku lanu limalembedwa m'makwacha. A ku Lusaka sawerengera makwacha amene banki yanu yakudulani. Iwo amangoona madola amene afika pa akaunti yawo. Pachifukwa ichi, nthawi iliyonse imene mukulipira, pamakhala manambala awiri osiyana: makwacha amene atuluka m'thumba mwanu, ndi makwacha amene gawo limenelo la ngongole linalembedwa nawo m'buku poyamba. Inu munachotsa nambala yoyamba pa ngongole, pamene munayenera kuchotsa yachiwiri.

Tiwerengere limodzi. Banki inakugulitsani dola pa K1,750, pakuti K4,375,000 mukaigawa ndi 2,500 ikupereka 1,750. Koma madola 2,500 amenewo analowa m'buku mwanu pa K1,700, kutanthauza kuti m'bukumo ndi K4,250,000. Ngongole yanu, motero, yatsika ndi K4,250,000 yokha, ngakhale ku banki kwatuluka K4,375,000. K125,000 yapamwambayo sinagule pampu ina iliyonse, ndiponso sinachepetse ngongole ngakhale ndi dola imodzi. Imeneyo ndi ndalama yotayika pa kusintha ndalama, ndipo imafuna akaunti yakeyake pakati pa zolowa ndi zotuluka za chaka, imene mungaitche "Phindu ndi kuluza pa ndalama zakunja".

M'kalembedwe ka debiti ndi kirediti, kamene debiti imalembedwa kumanzere kwa akaunti ndipo kirediti kumanja, tsiku lolandira katundu munayenera kulemba debiti ya K6,800,000 pa akaunti ya katundu wogulitsa, ndi kirediti ya K6,800,000 pa akaunti ya kampani ya ku Lusaka. Tsiku lolipira pamafunika mizere itatu: debiti ya K4,250,000 pa akaunti ya kampaniyo, debiti ya K125,000 pa akaunti ya kuluza pa ndalama zakunja, ndi kirediti ya K4,375,000 pa akaunti ya banki. Popeza inu munaika kale K4,375,000 yonse pa akaunti ya kampaniyo, kukonza kwake ndi kosavuta: lembani debiti ya K125,000 pa akaunti ya kuluza, ndi kirediti ya K125,000 pa akaunti ya kampaniyo. Mukatero, ngongole yotsala ikwera kuchoka pa K2,425,000 kufika pa K2,550,000, ndipo mukaigawa ndi 1,700 mupeza madola 1,500 enieni amene anzanuwo akunena.

Kugawa kumeneko ndiye njira yodziwira ngati buku lili bwino. Makwacha otsala pa akaunti ya wokugulitsani katundu, mukawagawa ndi mtengo wa dola umene ngongoleyo inalembedwa nawo, ayenera kupereka madola amene ali pa sitetimenti yake. Chizindikiro china chimaoneka pamapeto: munthu amamaliza kulipira madola onse, wogulitsa n'kutsimikiza kuti palibenso ngongole, koma pa akaunti yake m'buku pakutsalabe makwacha ena, mwina kuoneka ngati mwalipira mopitirira. Zotsalira zotere nthawi zambiri zimakhala kusiyana kwa mtengo wa dola kumene sikunalembedwe. Pofuna kupewa zimenezi, tsamba la wogulitsa aliyense wakunja likhale ndi mizati itatu, wa madola, wa mtengo wa dola tsiku limenelo, ndi wa makwacha, ndipo mzati wa madola ndi umene muzifananiza ndi sitetimenti yake.

Chifukwa chimene sitikhudzira mtengo wa katundu ndi chofunika kuchimvetsa, pakuti amalonda ambiri amaona ngati n'chanzeru kungowonjezera K125,000 pa mapampu. Lamulo la kalembedwe ka mabuku a chuma lotchedwa IAS 21 limasiyanitsa zinthu ziwiri. Katundu amene muli naye m'shopu amakhalabe pa mtengo wa tsiku limene munamugula, pamene ngongole yoti idzalipidwe m'ndalama zakunja imayenda ndi mtengo wa ndalamazo kufikira tsiku limene yathetsedwa. Mukadalipira madola onse tsiku lolandira katundu, mapampu omwewo akadakudyerani K6,800,000 basi. Ndalama yapamwambayo yabwera chifukwa cha kudikira, osati chifukwa cha mapampu. Mukaibisa mu mtengo wa katundu, simudzadziwa kuti ngongole za madola zikukudyerani zingati pa chaka, ndipo ngati mapampu ena agulitsidwa kale, mudzakhala mukusintha phindu la miyezi imene munatseka kale.

Izi sizikutanthauza kuti mtengo wogulitsira uyeneranso kukhala pomwepo. Buku limasunga zimene zinachitika, koma poika mtengo pa shelefu muziyang'ana ndalama imene mudzafunika kuti muodenso pampu yomweyo mawa. Amene anali ndi ngongole za madola mu Novembala 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, amadziwa kulemera kwa nkhaniyi. Invoisi ya madola 4,000 yosalipidwa inakwera ndi ndalama zoposa K2,000,000 usiku umodzi, katundu wake ali yemweyo, mwinanso atagulitsidwa kale pa mtengo wakale.

Tsopano za madola 1,500 otsalawo. Ngati chaka chanu cha bizinesi chitha musanawalipire, ngongoleyo iyenera kuwerengedwanso pa mtengo wa dola wa tsiku lotseka mabuku, chifukwa mtengo umenewo ndiwo umasonyeza zoona za chimene mukuyenera kulipira. Tiyerekeze kuti tsiku limenelo dola ili pa K1,740. Madola 1,500 akhala K2,610,000, pamene m'buku ali pa K2,550,000, choncho mulemba debiti ya K60,000 pa akaunti ya kuluza ndi kirediti ya K60,000 pa akaunti ya kampaniyo. Kuluza kumeneku ndi kwa papepala chabe, pakuti palibe ndalama imene yatuluka, ndipo ndi bwino kukulemba mosiyana ndi K125,000 ija, imene inatulukadi. Wokuthandizani kulemba mafomu a msonkho a MRA adzafuna kudziwa mbali imene inachitikadi polipira ndi mbali imene ndi yongowerengera, ndipo mukazisakaniza mudzamupatsa ntchito yofukula chaka chonse.

Tiyerekezenso kuti m'chaka chotsatira mukulipira madola 1,500 aja dola itatsika kufika pa K1,720. Ku banki kutuluka K2,580,000. Apa m'pamene ambiri amaphonya, chifukwa amafananiza ndi K1,700 ya poyamba, pamene ngongoleyo tsopano ili m'buku pa K1,740. Zolemba zake ndi debiti ya K2,610,000 pa akaunti ya kampaniyo, kirediti ya K2,580,000 pa banki, ndi kirediti ya K30,000 pa akaunti ya phindu ndi kuluza pa ndalama zakunja, ndipo ulendo uno ndi phindu. Kuti mutsimikize, onkhetsani zonse zimene mwalipira, K4,375,000 ndi K2,580,000, zimene zikupereka K6,955,000. Mukachotsapo K6,800,000 patsala K155,000, ndipo K125,000 kuphatikiza K60,000 kuchotsapo K30,000 ikuperekanso K155,000 yomweyo. Zikapanda kufanana chonchi, ndiye kuti pali malipiro amene awerengedwa pa mtengo wolakwika.

Pa nkhani ya mtengo wa dola woti mugwiritse ntchito, banki imakhala ndi mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira. Popeza inu ndinu wofuna madola, mtengo umene ukukukhudzani ndi umene banki imagulitsira, ndipo mukasankha umenewo muziutsatira pa invoisi iliyonse komanso potseka chaka. Sungani umboni wa mtengo wa tsikulo pamodzi ndi invoisi. Tsiku lolipira, mtengo wake ndi umene uli pa chikalata chimene banki yakupatsani, osati umene mwamva pa wailesi. Pa chikalata chomwecho yang'anitsitsani ndalama imene banki yadula ngati malipiro a ntchito yotumiza, chifukwa imeneyo si kusiyana kwa mtengo wa dola ndipo imalembedwa pa akaunti ya zolipira ku banki. Mwachitsanzo, pakadachoka K4,410,000 m'malo mwa K4,375,000, K35,000 yapamwambayo ikadapita kumeneko, kuluza pa dola n'kukhalabe K125,000. Madola ogula kwa anyamata osintha ndalama m'mbali mwa msewu wa ku chipata cha Mwami, kupatula kuti malamulo salola, sabwera ndi chikalata chilichonse, ndipo kuluza kopanda umboni kumavuta kukuteteza pamaso pa wofufuza mabuku.

Mtengo wa dola umene a kasitomu anagwiritsa ntchito pa chipata cha Mchinji powerengera msonkho wolowetsera katundu usakusokonezeni. Umenewo ndi wowerengera msonkho basi, ndipo suloŵa pa ngongole yanu ndi kampani ya ku Lusaka. Msonkho wa kasitomu umene simudzabwezeredwa, pamodzi ndi ndalama ya thiransipoti yofikitsa mapampu ku shopu, zimawonjezeredwa pa mtengo wa katundu m'makwacha amene munalipira.

Ulendo wina a kampaniwo akadzafuna kuti mutsogoze ndalama katundu asanabwere, kawerengedwe kake kadzasiyana pang'ono. Ndalama yotsogoza imakhala pa mtengo wa dola wa tsiku limene munaitumiza, ndipo siwerengedwanso potseka chaka, chifukwa chimene mukuyembekezera kulandira ndi mapampu, osati madola. Mutatsogoza madola 1,000 pa K1,650, n'kulandira katundu wa madola 4,000 dola ili pa K1,700, mtengo wa katunduyo ukhala K1,650,000 kuphatikiza K5,100,000, yonse K6,750,000, ndipo ngongole yoyenda ndi mtengo wa dola idzakhala madola 3,000 otsalawo okha.